Tebulo la magulu atatu lomwe linkanena zosiyana ndi deta yake

Lipoti limene ndinapemphedwa kuti ndilione linali la kafukufuku woyerekeza njira zitatu zophunzitsira kuwerenga. Ophunzira anagawidwa m'magulu atatu, A, B ndi C, ndipo atamaliza maphunzirowo onse analemba mayeso ofanana a malikisi 100. Ofufuzawo ankalembanso masiku amene wophunzira aliyense wajomba. Iwo ankafuna kuti ndingokonza maonekedwe a tebulo la zotsatira lipotilo lisanapite kwa oliunika. Manambala amene ndaika pano ndi achitsanzo, chifukwa zotsatira zenizeni ndi za eni ake, koma ndawasankha kuti aonetse mavuto omwewo amene ndinawapeza, ndipo mukhoza kuwawerengetsera nokha.

Tebulolo linabwera lili chonchi:

| Gulu | n | Malikisi | Kujomba |
|---|---|---|---|
| A | 36 | 62.4167 ± 1.5 | 2.11 ± 3.4 |
| B | 27 | 68.08* ± 10.5 | 1.7 ± 2.9 |
| C | 16 | 66 ± 3.0 | 3 ± 3.6 |
| Onse | 79 | 65.5 | |

M'munsi mwake munali mawu ochepa okha: "*ena sanalembe". Ndime yotsatira tebuloli inkanena kuti njira B inapereka malikisi apamwamba, koma inasiyanitsa kwambiri ophunzira, ena n'kukhoza bwino ena n'kutsalira, pomwe ophunzira a m'magulu A ndi C ankakhoza mofanana. Mfundo imeneyi ndi imene mutu wonse wokambirana zotsatira unatsamirapo.

Nambala yobwera pambuyo pa ±

Chinthu choyamba chimene ndimafunsa ndikaona chizindikiro cha ± ndi chakuti nambala yotsatirayo ndi ya chiyani, chifukwa chizindikirocho pachokha sichinena. Ikhoza kukhala SD, sitandadi diviyeshoni, imene imaonetsa mmene malikisi a anthu amwazikira kuzungulira avareji yawo. Ikhozanso kukhala SE, sitandadi era, imene sikamba za kusiyana kwa anthu koma za avarejiyo, kuti ingasinthe motani mutatenga gulu lina lofanana kukula n'kuliyesanso. SE imapezeka pogawa SD ndi sikweya ruti ya n, chiwerengero cha anthu a m'gululo, choncho imachepa gulu likamakula, ngakhale anthuwo akhale osiyana chimodzimodzi.

Chimene chinandikayikitsa ndi 1.5 wa gulu A. Malikisi akamwazika mwa nthawi zonse, ambiri kukhala pakati ndipo ochepa kumapeto, pafupifupi 95 pa 100 alionse amakhala mkati mwa ma SD awiri kuchokera pa avareji. Ndiye kuti 1.5 akanakhala SD, pafupifupi ophunzira onse 36 akanapeza malikisi a pakati pa 59 ndi 65. Aliyense amene anachongapo mayeso akudziwa kuti kalasi siyenda choncho. Nditapempha fayilo ya deta ndinapeza kuti wotsika m'gulu A anapeza 44 ndipo wokwera anapeza 81. Pali njira yachidule yoyerekezera: mukachotsa wotsika pa wokwera n'kugawa ndi 4, pa gulu la anthu makumi angapo mumapeza nambala yoyandikana ndi SD. Apa 37 kugawa ndi 4 ikupereka 9 ndi kadontho, kutali zedi ndi 1.5.

Nditadina pa mabokosi a Excel chifukwa chake chinaonekera poyera. Wolemba woyamba, amene anawerengetsera magulu A ndi C, anagwiritsa ntchito fomula yachiwiri pa ziwirizi. Mapepala a gulu B anafika mochedwa, ndipo mnzake amene anawalowetsa, yemwenso anakonza kolamu ya kujomba, anagwiritsa ntchito yoyambayo.

```
=STDEV.S(B2:B37)
=STDEV.S(B2:B37)/SQRT(COUNT(B2:B37))
```

Palibe amene analakwitsa masamu. Aliyense anachita zimene anazolowera, koma poti tebulolo silinalembe dzina la nambalayo, zinthu ziwiri zosiyana zinakhala mu kolamu imodzi popanda woziona. Kubwezera SE kuti ikhale SD n'kosavuta, mumangochulukitsa ndi sikweya ruti ya n. Gulu A: 1.5 kuchulukitsa ndi 6 ikupereka 9.0. Gulu C: 3.0 kuchulukitsa ndi 4 ikupereka 12.0. Ma SD enieni ndi 9.0, 10.5 ndi 12.0, kutanthauza kuti gulu limene ophunzira ake anasiyana kwambiri ndi C, osati B, ndiponso magulu atatuwa sanatalikirane kwenikweni. Zimene ndime ija inkanena za njira B sizinachokere kwa ophunzira, zinachokera m'mafomula awiri osiyana.

Ndiye m'tebulo muikemo iti? Zimatengera funso limene tebulolo likuyankha. Tebulo ili linali lofotokoza mmene magulu analili, ndipo pa ntchito imeneyo SD ndiye yoyenera. SE imakopa olemba ambiri chifukwa ndi yaing'ono ndipo imaonetsa zotsatira ngati zaukhondo, koma owerenga ambiri amaitenga ngati SD n'kumaganiza kuti anthu anafanana kwambiri. Ngati mukufuna kuonetsa kuti avareji ndi yodalirika bwanji, ndi bwino kupereka malire a 95% m'kolamu yakeyake, yolembedwa dzina. Pa gulu C, SE ya 3.0 imachulukitsidwa ndi 2.131, nambala ya t ya gulu la anthu 16, ndipo malirewo amachokera pa 59.6 kufika pa 72.4. Olemba lipotili sanafune kolamu imeneyi, ndipo ndinagwirizana nawo, chifukwa tebulo likapereka n ndi SD aliyense wofuna malirewo akhoza kuwapeza yekha.

Chizindikiro cha ± ndinachichotsa. Ndinapatsa avareji kolamu yake ndi SD kolamu yake, iliyonse ndi mutu wake. Malo akachepa mukhoza kulemba 62.4 (9.0) m'bokosi limodzi, bola pamutu pa kolamuyo palembedwe M (SD), M akuimira avareji.

Pa mafomula aja palinso kanthu kena kofunika kukayang'ana. Excel ili ndi `STDEV.S` ndi `STDEV.P`. Yoyamba imagawa ndi n − 1 ndipo ndi imene imafunika pamene anthu anu akuimira gulu lalikulu limene simunaliyese lonse. Yachiwiri imagawa ndi n. Pa gulu C ikanapereka 11.6 m'malo mwa 12.0. Kusiyanako n'kochepa, koma mizere yonse iyenera kutsata njira imodzi.

Kodi 27 ndi anthu amene anapanga 68.08?

Malikisi a mayesowa anali manambala athunthu, opanda theka. Zikatero, avareji kuchulukitsa ndi n iyenera kubwerera pa nambala yathunthu, kapena pafupi nayo kwambiri. Gulu A likutero: 62.4167 kuchulukitsa ndi 36 ndi 2247. Gulu C likuteronso: 66 kuchulukitsa ndi 16 ndi 1056. Koma 68.08 kuchulukitsa ndi 27 ndi 1838.16, ndipo mukayesa manambala athunthu oyandikana nayo, 1838 ikupereka avareji ya 68.07 pomwe 1839 ikupereka 68.11. Anthu 27 sangapange 68.08 ndi malikisi athunthu. Ndi anthu 25 zikutheka bwinobwino, chifukwa 68.08 kuchulukitsa ndi 25 ndi 1702.

Apa ndi pamene mawu aja akuti "ena sanalembe" anamveka. M'gulu B munali ophunzira 27, koma awiri sanabwere tsiku la mayeso. Mabokosi awo anasiyidwa opanda kanthu, ndipo `AVERAGE` imadumpha bokosi lopanda kanthu, choncho avarejiyo inali yolondola, ya anthu 25. Cholakwika chinali n, imene inatengedwa pa kaundula wa olembetsa. Akanalemba 0 m'mabokosi awiriwo, `AVERAGE` ikanawawerengera, ndipo avareji ikanatsika kufika pa 63.0, gulu lokwera n'kukhala lachiwiri. N'chifukwa chake ndimalimbikira kuti n ya m'tebulo izichokera pa `COUNT` ya mabokosi omwewo amene apanga avarejiyo.

Koma 27 sinali yabodza paliponse. Masiku ojomba analembedwa a ophunzira onse 27, kuphatikizapo awiri aja. Choncho kolamu imodzi ya n sikanakwanira, ndipo ndinaika iwiri, ya malikisi ndi ya kujomba.

Mzere wa "Onse" unali ndi vuto lofanana nalo. Nambala ya 65.5 inapezeka pophatikiza maavareji atatuwo n'kugawa ndi 3, ngati kuti magulu ndi ofanana kukula. Avareji ya ophunzira onse imapezeka pophatikiza malikisi onse, 2247 ndi 1702 ndi 1056, zomwe ndi 5005, n'kugawa ndi anthu 77 amene analemba. Yankho ndi 65.0. SD ya mzere umenewu nayonso imawerengetseredwa kuchokera pa malikisi onse 77, ndipo ndi 10.3.

Masiku ojomba

Kolamu ya kujomba inali ndi SD m'mizere yonse, koma avareji ndi SD sizinkaifotokoza bwino. Taonani gulu A: avareji 2.11, SD 3.4. Munthu sangajombe masiku ochepera 0, komabe SD ikuposa avareji. Pa chinthu chimene sichingatsike kupitirira 0, mukachotsa ma SD awiri pa avareji n'kupeza nambala ya pansi pa 0, dziwani kuti deta yapendekera mbali imodzi. Apa ophunzira ambiri anajomba tsiku limodzi kapena sanajombe n'komwe, ndipo ochepa amene anasowa masiku ambiri ndi amene anakoka avareji.

Pa deta yotere ndimapereka mediyani, nambala ya munthu wapakati mukawandandalika onse kuyambira wotsika, pamodzi ndi Q1 ndi Q3, malire amene theka lapakati la gululo lili mkati mwake. Gulu A likukhala ndi mediyani 1, ndipo theka lapakati lili pakati pa 0 ndi 3. Owerenga akuona nthawi yomweyo kuti wophunzira wamba anajomba pang'ono. Mapulogalamu sawerengetsera Q1 ndi Q3 mofanana, ngakhale Excel yomwe ili ndi `QUARTILE.INC` ndi `QUARTILE.EXC`, zimene pa gulu laling'ono zikhoza kupereka mayankho osiyana. Choncho njira imene mwatsata ilembedwe m'munsi mwa tebulo.

Madesimali ndi mizere

Izi sizinatenge nthawi. 62.4167, 68.08 ndi 66 zinali m'kolamu imodzi chifukwa aliyense anakopera zimene kompyuta inaonetsa. Pa mayeso a malikisi athunthu, desimali imodzi ndi yokwanira, ndipo avareji ndi SD yake zikhale ndi madesimali ofanana. 66 ilembedwe 66.0, kuti owerenga asaganize kuti yafupikitsidwa mosiyana ndi zinzake. Kufupikitsa kuchitike pomaliza penipeni, masamu onse atatha, osati pakati. Manambala akakhala ndi madesimali ofanana n'kuwakankhira kumanja, madontho awo amagwera pamzere umodzi ndipo diso limatsika mosavuta. Mu Word mulinso tabu ya `Decimal` imene imachita zomwezo.

Magulu ndinawasiya m'mizere chifukwa manambala ofunika kuwayerekeza amawerengeka bwino akakhala pansi pa anzawo. Mizere yoimirira ndinaichotsa, ndipo yopingasa ndinasiya yochepa: pamwamba, pansi pa mitu ya makolamu, ndi pamapeto. Bokosi lopanda kanthu sindilisiya, chifukwa owerenga sangadziwe ngati ndi 0, ngati sichinayesedwe, kapena ngati munaiwala. Ngati nambala palibedi, ikanipo kamzere n'kufotokoza m'munsi tanthauzo lake.

Kanyenyezi ndi mawu am'munsi

Kanyenyezi ka pa 68.08 kanandidetsa nkhawa pafupifupi ngati ± uja. Wolembayo ankatanthauza kuti ena sanalembe mayeso, koma m'malipoti a kafukufuku anthu anazolowera kuti kanyenyezi pa nambala kamasonyeza kuti p ndi yochepera 0.05, kutanthauza kuti kusiyana kotero sikuchitika kawirikawiri mwamwayi chabe. Munthu wowerenga mofulumira akaona kanyenyezi pa avareji yokwera kuposa zonse, amangoti njira B yapambana motsimikizika. Nditayesa magulu atatuwo ndi ANOVA, njira yoyerekezera maavareji a magulu angapo, ndinapeza F(2, 74) = 2.39 ndi p = 0.099. Pa malire a 0.05 amene lipotilo linasankha, kusiyanako sikunafike poti munthu n'kunena motsimikiza. Kanyenyeziko kankalonjeza chinthu chimene deta sinapereke.

Lipotili linkatsata malamulo a kalembedwe a American Psychological Association, amene ambiri amangoti APA, ndipo buku lawo lachisanu ndi chiwiri linatuluka mu 2019. Malamulowa amagawa mawu am'munsi mwa tebulo m'mitundu itatu, ndipo amaikidwa motsatana. Oyamba ndi okhudza tebulo lonse, monga tanthauzo la zidule ndi mmene manambala anapezekera. Achiwiri ndi okhudza bokosi, mzere kapena kolamu imodzi, ndipo amalozedwa ndi zilembo zing'onozing'ono zokwezedwa m'mwamba, a, b, c, kuyambira kumanzere chakumtunda. Achitatu ndi a p, ndipo kanyenyezi kamasungidwira amenewa. Ngakhale lipoti lanu litsate malamulo ena, kagawidwe kameneka n'kothandiza, chifukwa chizindikiro chilichonse chimakhala ndi ntchito imodzi.

Wolemba wachiwiri anandifunsa kuti, "Nanga bwanji osangoika manambala, 1, 2, 3, ngati mmene timachitira m'ndime?" Ndinamulembera 10.5² papepala n'kumufunsa kuti awerenge. Anaona yekha kuti ikuoneka ngati 10.5 kuchulukitsa ndi 10.5. M'tebulo lodzaza manambala, zilembo ndi zimene sizisokoneza.

Komabe zilembo nazonso zili ndi msampha wake. M'malipoti ambiri, makamaka a zaulimi ndi zamoyo, zilembo zimaikidwa pa maavareji pambuyo poyerekeza magulu awiriawiri ndi njira yonga ya Tukey, kusonyeza kuti maavareji okhala ndi chilembo chofanana sanasiyane motsimikizika. Tebulo lanu likakhala ndi zilembo zoterezi, mawu am'munsi apatseni zizindikiro zina monga † ndi ‡, ndipo mufotokoze zonse ziwiri. M'tebulo ili munalibe zilembo za mtundu umenewo, koma ndinasamalabe poika chilembo pa n, osati pa avareji, chifukwa nkhani ya osalemba mayeso ikukhudza chiwerengero cha anthu.

Tebulo lomaliza linatuluka chonchi:

Tebulo 2
*Malikisi a mayeso owerenga ndi masiku ojomba, malinga ndi gulu*

| Gulu | Malikisi: n | M | SD | Masiku ojomba: n | Mdn | Q1–Q3 |
|---|---:|---:|---:|---:|---:|---:|
| A | 36 | 62.4 | 9.0 | 36 | 1 | 0–3 |
| B | 25ᵃ | 68.1 | 10.5 | 27 | 1 | 0–2 |
| C | 16 | 66.0 | 12.0 | 16 | 2 | 1–4 |
| Onse | 77 | 65.0 | 10.3 | 79 | 1 | 0–3 |

*Chidziwitso.* Malikisi ndi a pakati pa 0 ndi 100, ndipo okwera akusonyeza kuwerenga bwino. M ndi avareji, SD ndi sitandadi diviyeshoni, Mdn ndi mediyani, Q1–Q3 ndi malire a theka lapakati la gulu, opezeka ndi `QUARTILE.INC`. Kusiyana kwa maavareji a malikisi: F(2, 74) = 2.39, p = .099.
ᵃ Ophunzira awiri mwa 27 sanalembe mayeso ndipo sanawerengeredwe pa malikisi.

Mungaone kuti m'munsimo p yalembedwa .099 popanda 0 kutsogolo. Ndi mmene APA imafunira pa nambala imene singapitirire 1. Mawu a mtundu wachitatu mulibe chifukwa m'tebulomo mulibe kanyenyezi kofunika kukafotokoza, ndipo p yeniyeni ikalembedwa imauza owerenga zambiri kuposa kanyenyezi. M'lipoti lenilenilo mawu akuti "Malikisi" ndi "Masiku ojomba" anakhala mitu yapamwamba, uliwonse wophimba makolamu atatu.

Ndisanabweze tebulo ndimalipatsa munthu amene sanawerenge lipotilo, n'kumufunsa mafunso atatu okha: ndi anthu angati amene apanga nambala iyi, nambala ya pambali payo ndi ya chiyani, ndipo malikisi okwera ndi abwino kapena oipa? Akayankha popanda kutsegula tsamba lina ndiye kuti tebulo lakwana. Pa tebulo loyamba lija mnzanga amene ndinamupatsa anayankha kuti 27, kenako anati mwina ndi SD, ndipo ataona kanyenyezi anawonjezera yekha kuti gulu B lapambana. Pa lachiwiri anayankha mafunso onse molondola, ndipo anafunsanso ngati awiri osalemba mayeso aja anali m'gulu la ojomba kwambiri. Funso limeneli ndi lanzeru, chifukwa ngati amene anasowa ndi ofooka, avareji ya gulu B yakwera pang'ono chifukwa cha kusowa kwawo. Ndinalitumiza kwa olembawo, ndipo anawonjezera chiganizo chofotokoza za awiriwo m'gawo lokamba za malire a kafukufuku.

Ndime yotsatira tebulo inalembedwanso yonse. Zoti njira B imasiyanitsa ophunzira zinachotsedwa, pamodzi ndi zifukwa zimene olembawo anayesa kupereka m'mutu wokambirana zotsatira. Inatsala yaifupi: avareji ya gulu B inaposa ya gulu A ndi malikisi 5.7, kusiyana kwa magulu atatuwo sikunatsimikizike pa malire a 0.05, ndipo gulu C, lomwe linali la anthu 16 okha, ndi limene linali ndi SD yaikulu. Manambala ena onse sanabwerezedwe m'ndimemo, owerenga anangolozeredwa ku Tebulo 2.